Kumuuza Wofunsira Ntchito Kuti Sanatengedwe

 Nkhani ya lero ikukhudza udindo umene olemba anthu ntchito ambiri amauzemba, womuuza munthu amene anafunsira ntchito nayesedwa kuti sanatengedwe. Mfundo yake ndi imodzi, ndipo ibwerezedwa kangapo: yankho lokana liyenera kufika msanga, m'mawu omveka, limodzi ndi chifukwa choona, popeza kukhala chete kumene ambiri amakuyesa ulemu ndiko kumamupweteka kwambiri munthu wodikira.

Poyamba, n'chifukwa chiyani nkhaniyi ili yaikulu ku Angonia? Ku Ulongwe kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ndiponso masukulu a sekondale amene chaka ndi chaka amatulutsa achinyamata okhala ndi mapepala m'manja. Malo a ntchito yolipidwa pamwezi ndi ochepa: maofesi a boma, chipatala, kampani ya fodya, mabungwe a alimi ndi a chitukuko, masitolo ogulitsa mbewu ndi feteleza, ndi ntchito za kanthawi monga zija za kalembera wa chisankho. Malo amodzi akalengezedwa, makalata amabwera ochuluka, ndipo wotengedwa amakhala mmodzi. Motero mayankho ambiri amene wolemba ntchito adzapereke pa moyo wake wonse ndi okana, ndipo n'zodabwitsa kuti luso lowapereka ndi limene saliphunzira konse.

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Mwambiwu umaphunzitsa kuti munthu waulemu sakana maso ndi maso, koma amapeza njira yoti mnzake azindikire yekha popanda kuchititsidwa manyazi. Nzeru imeneyi imagwira bwino ntchito pakati pa anthu a mudzi umodzi, amene amaonana m'mawa ndi madzulo ndipo amatha kuwerenga zizindikiro. Koma wofunsira ntchito amene wabwerera kwawo kuseri kwa phiri la Domwe adzaiona bwanji nsalu yoviikidwayo? Iye wangotenga mawu amodzi amene anamva potsanzikana, akuti "tidzakuimbirani", ndipo amawasunga monga lonjezo.

Omvera aganizire mtengo wa mawu amenewo. Munthu wouzidwa kuti adzaimbiridwa amalipira tsiku ndi tsiku kuti foni yake itchajidwe pa golosale, ndipo amapewa kupita kudimba la kudambo kumene mafoni sagwira. Amakana ganyu wokumba mbatatesi wa sabata ziwiri poopa kuti angaitanidwe ali kutali. Amachedwetsa ulendo wokasaka ntchito ku Tete kapena ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Kudikirako kukagwera mu Novembala ndi Disembala, pamene mvula yobzalira imagwa, munthu amene anazengereza kubwereka munda kapena kugula feteleza amataya chaka chonse cha ulimi. Palinso ndalama zimene analowetsa kale m'mapepala: kujambulitsa chiphaso chaunzika ndi satifiketi ya sukulu, kukadinditsa ku ofesi yotsimikizira zikalata, kutenga nambala ya msonkho ya NUIT, ndi kalata yosonyeza kuti alibe mlandu, imene imatha mphamvu pakangopita miyezi yochepa. Wolemba ntchito akakhala chete, amadzipulumutsa ku mphindi zisanu zowawa, koma wodikirayo amalipira ndi masabata ake.

Tsopano nkhani itembenukire ku zimene malamulo amanena, mwachidule. Ntchito za boma ku Mozambique zimalowedwa kudzera mu mpikisano wolengezedwa poyera, umene m'maofesi amautcha konkuruso, ndipo umayendetsedwa ndi gulu la oweruza losankhidwira ntchitoyo. Zotsatira zimakhomedwa pa bolodi la ofesi pa ndandanda yotchedwa pawuta, imene imasonyeza amene apambana ndi amene alephera. Lamulo nambala 14 la chaka cha 2011, lofotokoza m'mene maofesi a boma ayenera kuchitira zigamulo zawo, limafuna kuti munthu wokhudzidwa ndi chigamulo adziwitsidwe, kuti chigamulo chomukanira chikhale ndi zifukwa, ndiponso kuti akhale ndi mwayi wodandaula. Ubwino wa ndandanda ndi wakuti sinama ndipo silonjeza. Kuperewera kwake n'kwakuti imadikira munthu kuti aipeze, kotero kuti wokhala kutali amalipira njinga yamoto ulendo wopita ndi wobwerera kuti akawerenge mzere umodzi pamaso pa khamu la anthu. Sitolo, bungwe la alimi kapena mpingo sizimangidwa ndi ndondomeko ya boma imeneyi, ndipo n'chifukwa chake kumeneko ndiko kudikira kopanda malire kumachuluka. Komabe olemba ntchito oterewa amamangidwa ndi lamulo la ntchito nambala 13 la chaka cha 2023, limene limaletsa tsankho, ndi lamulo nambala 19 la chaka cha 2014, limene limateteza munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, kuphatikizapo wofunsira ntchito.

Kuti zinthu zimveke bwino, nachi chitsanzo chongoyerekezera, chimene chitsatidwe kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Bungwe la alimi pafupi ndi Ulongwe likufuna kalaliki wa nyumba yosungiramo chimanga ndi soya pa nyengo yogula zokolola. Polengeza, bungwelo lanena zofunika zitatu: kudziwa kuyeza pa sikelo, kudziwa kulemba buku la katundu wolowa ndi wotuluka, ndi kutha kulemba lipoti m'Chipwitikizi. Anthu atatu afika pa mayeso omaliza. Mmodzi mwa iwo ndi mayi wa ku Domwe amene anamaliza kalasi 12, ndipo pa sikelo wakhoza bwino, lipoti walembanso bwino, koma m'buku la katundu waiwala kawiri kuchotsa kulemera kwa matumba opanda kanthu, kotero kuti chiwerengero chake sichinagwirizane ndi katundu. Wina amene analembapo buku lotere nyengo ziwiri sanaphonye, ndipo ndiye wasankhidwa.

Kukana kwabwino kumayamba tsiku la mayeso lenilenilo, munthu asanatuluke pakhomo. M'malo mwa "tidzakuimbirani", wapampando wa gulu loyesa amatchula tsiku, nanena kuti pofika Lachisanu la sabata yamawa aliyense adzakhala atamva yankho, kaya watengedwa kaya ayi, ndipo amafunsa nambala imene imagwira bwino kwawoko ndi nthawi yabwino yoimbira. Ku malire, monga ku Kalomwe, anthu ena amasinthasintha pakati pa manambala a ku Mozambique ndi a ku Malawi, choncho funso limeneli si lachabe. Tsikulo likafika chigamulo chisanapse, uthenga waufupi wotchula tsiku latsopano umatumizidwa, chifukwa kuchedwa kofotokozedwa kumapiririka.

Kodi yankho liperekedwe liti? Pano pali msampha mbali zonse ziwiri. Wolemba ntchito akafulumira kukana onse wosankhidwayo asanavomere, angapezeke kuti wosankhidwayo wapeza ntchito kwina, ndipo adzabwerera ndi manyazi kwa munthu amene wamukana dzulo. Akachedwa, mbiri imayenda yokha, popeza Ulongwe ndi tauni imene anthu amadziwana, ndipo mayi uja adzamva kumsika kapena kutchalitchi kuti kalaliki watsopano wayamba kale kuyeza chimanga. Njira yoyenera ndi kuyamba kumva kuvomera kwa wosankhidwa, kenako kuwadziwitsa otsalawo tsiku lomwelo kapena lotsatira, wosankhidwayo asanaoneke pa ntchito.

Nanga anene ndani, ndipo m'njira yotani? Anene munthu amene anakhala pa gulu loyesa, makamaka wapampando, chifukwa ndiye angathe kuyankha funso lakuti chalakwika n'chiyani. Kutuma mlonda wa pachipata, kapena m'bale wa wofunsirayo amene amagwira ntchito pabungwepo, ndi kumusenzetsa katundu amene si wake, ndiponso kumaulula za munthu kwa amene sizikuwakhudza. Amene anangotumiza makalata koma sanaitanidwe ku mayeso angalandire uthenga wolembedwa pa foni, wotchula dzina lawo ndi ntchitoyo. Koma amene analipira ulendo, nakhala pamaso pa oyesa, ayenera kumva mawu a munthu. Kumuitana kuti abwere ku ofesi n'kulakwa, ngakhale kumaoneka ngati ulemu, chifukwa munthu woitanidwa amavala zovala zake zabwino ndi kubwereka ndalama ya ulendo akukhulupirira kuti akukasayina. Foni ndiyo yabwino, ndipo woimba ndi bungwe, kuti mtengo wake usagwere wokanidwa.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi, pa mawu enieni. Wapampando amapereka moni monga mwa mwambo, amadzitchula dzina ndi bungwe, nafunsa ngati mayiyo ali pamalo poti angathe kulankhula momasuka, chifukwa palibe amene afuna kulandira uthenga wotere ali pa chigayo kapena m'minibasi. Moni ukhale wokwanira koma usatalike, popeza mphindi iliyonse yofunsana za ana ndi za mvula imakulitsa chiyembekezo chimene chatsala pang'ono kugwetsedwa. Kenako amanena chonchi: "Mayi, ndakuimbirani kuti ndikuuzeni zotsatira za mayeso a ukalaliki aja. Gulu lamaliza kukambirana, ndipo simunatengedwe pa ntchitoyi. Malowo apatsidwa kwa munthu wina, ndipo chigamulochi n'chomaliza."

Omvera aone kuti mawu akuti "simunatengedwe" abwera pachiyambi, osati pambuyo pa matamando. Wolankhula akayamba ndi kuyamikira, womverayo amamva ngati akulandiridwa, ndipo kukanako kukafika kumakhala ngati kwamuchitira chiwembu. Aonenso kuti mawu monga "pakadali pano", "mwina" ndi "tiona m'tsogolomu" palibe, chifukwa khutu la munthu wofuna ntchito limagwira mawu otere ndi kutaya ena onse. Chinenero nachonso chili ndi gawo lake: ngati awiriwo amalankhulana m'Chichewa, uthengawo unenedwe m'Chichewa, chifukwa kubisala kuseri kwa Chipwitikizi cha m'makalata kumamupangitsa womverayo kumva kuti akulankhula ndi ofesi, osati ndi munthu.

Atanena zimenezo, wapampando amakhala chete pang'ono. Ambiri amalephera pamenepa, chifukwa chetecho chimawalemera, ndipo amayamba kuchidzaza ndi mapepeso ochuluka ndi malonjezo amene sanawakonzekere. Mayiyo angapume mozama, angati "chabwino", kapena angafunse chifukwa. Nthawiyo ndi yake. Kupepesa kumodzi kochokera pansi pa mtima n'kokwanira, monga kunena kuti: "Pepani, ndikudziwa kuti munayenda ulendo wautali ndipo munali ndi chiyembekezo." Wolankhula asadandaule za m'mene iye mwini zamuvutira, chifukwa potero amamukakamiza wokanidwayo kuti ayambe kumutonthoza.

Chotsatira ndi chifukwa. Chifukwa chabwino chimakhala chimodzi kapena ziwiri, choona, chochokera pa zimene zinalengezedwa, ndiponso chokhudza ntchito osati umunthu wa wofunsirayo. M'chitsanzochi wapampando anganene kuti: "Pa sikelo ndi pa lipoti munachita bwino, ndipo gulu lonse linaona zimenezo. Pamene panasiyanitsa ndi pa buku la katundu, pomwe kulemera kwa matumba sikunachotsedwe, ndiye chiwerengero sichinagwirizane. Ntchito iyi yagona kwambiri pa buku limenelo." Mayiyo tsopano ali ndi chinthu choti achite nacho, chifukwa kulemba buku la katundu kumaphunzirika, ndipo nyengo yogula zokolola imabwera chaka chilichonse. Mawu akuti "munachita bwino kwambiri, kungoti mwayi sunali wanu" amamveka okoma, koma amamusiya munthu akuganiza kuti mayeso anali chiphamaso, ndipo amatsegula khomo la maganizo a ziphuphu, ngakhale a ufiti.

Pali zifukwa ziwiri zabodza zimene zimamveka kawirikawiri, ndipo zonse zimabwerera kwa wozinena. Choyamba ndi kukankhira chigamulo kwa anthu osaoneka, ponena kuti akuluakulu a ku Tete kapena a ku Maputo ndiwo asankha, pamene chinapangidwa m'chipinda momwemo. Wofunsirayo amamva kuti pali khomo lina loti agogode, ndipo amayamba kufunafuna womudziwa kapena woti amupatse kangachepe. Chachiwiri ndi kunena kuti ntchitoyo yaimitsidwa chifukwa ndalama sizinabwere, bodza limene limaululika tsiku limene munthu wina wakhala pa mpandowo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo m'dera limene wolemba ntchito ndi wokanidwa amakumana pa maliro ndi pa ukwati, mlomo wotere suchedwa kumupeza mwini wake.

Nanga bwanji ngati chifukwa chenicheni sichingatchulidwe? Ngati gulu lamusiya mayiyo chifukwa ndi woyembekezera, kapena chifukwa cha mphekesera za matenda, kapena chifukwa cha chipani, mpingo kapena mtundu wake, ndiye kuti vuto silili pa kanenedwe, lili pa kasankhidwe, ndipo palibe mawu okoma amene angakonze zimenezo. Muyeso wake ndi wapafupi: gulu lisanabalalike, lilembe chiganizo chimodzi cha chifukwa pa dzina la aliyense amene wasiyidwa, ndipo ngati chiganizocho sichingawerengedwe mokweza pamaso pa mwini wake, gululo likhalenso pansi ndi kuunikanso chigamulo chake.

Tsopano, wolankhula angadziwe bwanji kuti uthenga wamveka? Chizindikiro chili m'mafunso a womverayo. Akafunsa kuti "ndiye ndidikire mpaka liti?" kapena "ndibwere tsiku lanji?", ndiye kuti kukanako sikunafike, ndipo kuyenera kubwerezedwa modekha ndi mawu omwewo: "Ayi mayi, musadikire, pa ntchito iyi simunatengedwe." Kubwereza kotere kumaoneka ngati nkhanza kwa wolankhula, koma ndiko kumamumasula munthu kuti mawa lake avomere ganyu, akwere basi ya ku Tete, kapena alowe m'munda ndi mtima umodzi.

Nthawi zina womverayo amapsa mtima, nanena kuti zikudziwika kale kuti atenga m'bale wawo. Wapampando asakangane naye, asadule foni, ndipo asayambe kufotokoza za wosankhidwayo, kaya dzina lake kaya mapepala ake, chifukwa nayenso ali ndi ufulu woti zake zisungidwe. Amvetsere mpaka munthuyo amalize, abwereze zofunika zitatu zimene zinalengezedwa ndi pamene panasiyanitsa, ndipo amuuze kumene angakadandaule, kaya kwa komiti ya bungwe kaya, pa ntchito za boma, polemba kalata ya dandaulo mkati mwa masiku amene aikidwa. Gulu limene linasunga mapepala a mayeso siliopa funso lotere.

Pali nkhani ina yovuta imene aliyense wolemba ntchito ku Angonia amaidziwa. Wofunsira ntchito nthawi zambiri sabwera yekha: kumbuyo kwake kuli a mfumu amene anamunenera, mkulu wa mpingo amene analemba kalata, kapena amalume amene anadzapereka moni kunyumba madzulo. Mwambo umakoka wapampando kuti ayambe kuwauza akuluwo, iwo ndiwo akamuuze mwana wawo. Koma wofunsira ntchito ndi munthu wamkulu, mayeso analemba yekha, ndipo ndiye woyamba kumva. Akuluwo angadziwitsidwe pambuyo pake, mwaulemu wonse, ndi mawu ochepa akuti: "Zikomo bambo potitumizira mwana wanu, tamuyesa limodzi ndi anzake, malo anali amodzi ndipo apita kwa wina, mwini wake tamufotokozera kale." Zimene anaphonya pa mayeso zisatchulidwe kwa iwo, pokhapokha mwini wakeyo atafuna kuwauza yekha.

Za m'tsogolo zinenedwe pokhapokha zili zoona. Ngati gulu lagwirizanadi kuti mayiyo ndiye wachiwiri, woti angaitanidwe wosankhidwayo akasiya, auzidwe momveka kuti ali pa ndandanda ya odikirira mpaka mwezi wakutiwakuti, ndipo auzidwenso kuti asasiye kusaka ntchito kwina. Ngati bungwe limalemba akalaliki chaka chilichonse zokolola zikayandikira, kumuuza mwezi umene chilengezo chimatuluka ndi thandizo lenileni. Koma ngati palibe chilichonse chotere, mawu akuti "tikusungani m'maganizo" asatuluke, chifukwa ndi "tidzakuimbirani" yemwe uja wangosintha malaya.

Chomaliza pa kukambiranako ndi mapepala. Bungwe lisatenge konse satifiketi yeniyeni ya munthu, koma ngakhale mapepala ojambulidwa ndi odindidwa ali ndi mtengo, ndipo mwini wake angawagwiritse ntchito pofunsira kwina. Wapampando amuuze mayiyo kuti envulopu yake ili yomata m'kabati yokhoma, kuti angadzaitenge tsiku limene wabwera ku Ulongwe pa zifukwa zake, kapena kutuma munthu amene iye mwini wamutchula dzina. Mapepala amene sanatengedwe pakatha nthawi yolonjezedwa aotchedwe, asapezeke akukulungira mandasi kumsika ali ndi chithunzi ndi nambala ya chiphaso cha munthu. Foni ikadulidwa, uthenga wolembedwa utsatire tsiku lomwelo, wobwereza chigamulo, woyamikira kubwera kwake, wotchula za envulopuyo, ndi wonena poyera kuti bungwelo silipempha ndalama kwa aliyense wofunsira ntchito. Chiganizo chomalizachi n'chofunika masiku ano, chifukwa akuba a pa foni amatumizira anthu mauthenga olonjeza ntchito posinthana ndi ndalama za pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo munthu amene wangokanidwa kumene ndi wosavuta kumunyengerera kuti dzina lake lingabwezeretsedwe pa ndandanda akatumiza kangachepe.